Bambo akumanjenjemera kumunda akamwa mankhwala a shuga: wakwera kapena watsika?

Nachisale: Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo anga ali ndi zaka 63, amakhala kumudzi ku Ntcheu, ndipo chaka chatha anawapeza ndi shuga wa mtundu wachiwiri. Kuchipatala amalandira mapilitsi amitundu iwiri: metifomini wa 500 mg m'mawa ndi madzulo, ndi kena kakang'ono ka 5 mg kotchedwa gilibenkilamaidi, kam'mawa kokha. Chiyambireni kupalira akumadzuka mbandakucha, kumwa mapilitsi ndi tiyi wopanda shuga, basi khasu paphewa. Nsima anachepetsa okha, pa mitanda itatu akudya umodzi. Ikamakwana 9 koloko akumayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kupsa mtima pa zinthu zopanda pake. Dzana amayi anawapeza atakhala pamzere akulankhula zosamveka. Poganiza kuti shuga wakwera, anathamangira kunyumba kukatenga kapilitsi kena. Mwamwayi alamu anga anawaletsa n'kuwamwetsa bambo thobwa, pakanthawi anatsitsimuka. Tsiku lawo lobwerera kuchipatala ndi kumapeto kwa mwezi. Kodi asiye kulima?

Angoni a ku Lizulu: Pepani achemwali. Koma nsima akudyayo ndi ya ufa wanji? Ngati ndi woyera vuto ndi limenelo. Auzeni adye mgaiwa, umenewo ngakhale mitanda inayi palibe kanthu.

Mayi Nesi (opuma): Nachisale mwanawe, choyamba uwathokoze alamu akowo. Mmene wafotokozeramu, shuga sanakwere ayi, anatsika, ndipo kapilitsi kachiwiri kaja kakanatha kuwakomola bambo ako m'munda momwemo.

Shuga wokwera amabwera pang'onopang'ono, kwa masiku: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kukamwa kouma, kufooka. Wotsika amabwera mwadzidzidzi. Munthu anali bwinobwino, kenako manja akunjenjemera, thukuta lozizira, mtima ukugunda, njala yoopsa, mkwiyo, ndipo zikapitirira amalankhula ngati waledzera. Uwauze amayi ako lero lomwe: munthu wa shuga akasintha mwadzidzidzi chonchi, sapatsidwa pilitsi, amapatsidwa chotsekemera. Ngakhale pali chikayiko ndipo palibe choyezera, masupuni ochepa a shuga sangamuphe amene shuga wake wakwera, koma angapulumutse amene wake watsika.

Ndipo musadikire kumapeto kwa mwezi. Apite kuchipatala sabata ino, atenge buku lawo ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale a BP ngati amamwa.

Nachisale: Zikomo amayi. Koma chikundizunguza n'chakuti mankhwala ndi omwe aja akhala akumwa miyezi yonseyi osaona vuto. Asintha bwanji lero?

Mayi Nesi (opuma): Mankhwala sanasinthe, asintha ndi bambo ako. Mapilitsi awiriwo amagwira ntchito mosiyana. Metifomini amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri, ndipo payekha nthawi zambiri satsitsa shuga mopitirira muyezo. Kakang'onoko kamakakamiza kapamba kutulutsa insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo mphamvu yake imatha kukhala m'thupi mpaka tsiku lathunthu. Pamene ankawalembera mlingo umenewo, bambo ako ankadya mitanda itatu ndipo mwina sankagwira ntchito yolemetsa. Lero akudya umodzi, m'mawa sakudya kanthu, ndiye akukapalira maola anayi. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi payokha. Ndiye kuno pilitsi likukoka, uko khasu likukoka, m'mimba mulibe cholowa m'malo. Ola la 9 lija si ngozi: pilitsi lafika pachimake, ndipo nkhokwe yaing'ono ya m'chiwindi, yomwe yakhala ikuwasunga usiku wonse, yachepa.

Kulima asasiye. Ntchito imeneyo ndi mankhwala abwino kuposa ambiri amene anthu amagula. Chofunika n'chakuti kapilitsiko kasamamwedwe popanda chakudya, ndipo adokotala aonenso ngati mlingo wake ukugwirizana ndi kadyedwe katsopanoka.

Chimwemwe wa ku Joni: Amayi, ine ndikusiyana nanu pang'ono. Ndili ndi shuga yemweyu, ndimadzuka 5 koloko n'kuyenda ndawala ndisanalawe kanthu, pobwera ndimadya mazira ndi masamba basi. Nsima, buledi, mpunga ndinasiya. HbA1c yanga, muyezo wa kuchipatala woonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu, yatsika kufika pa 6.4. Sindinanjenjemerepo. Thupi limazolowera, adadawo apirire masabata awiri aona.

Mayi Nesi (opuma): Achimwene, mumamwa mankhwala anji?

Chimwemwe wa ku Joni: Metifomini yekha.

Mayi Nesi (opuma): Yankho ndi limenelo. Kwa inu kuyenda chopanda kudya kulibe vuto lalikulu, ndipo 6.4 mwachita bwino, poti kwa akuluakulu ambiri timafuna ikhale pansi pa 7. Koma malangizo anuwo kwa munthu womwa gilibenkilamaidi, gilikilazaidi kapena wobaya insulini ndi oopsa. "Kuzolowera" kumene mukunenako kumachitikadi, koma koipa: shuga akamatsika kawirikawiri, thupi limasiya kuchenjeza. Kunjenjemera kumatha, munthu amangogwa.

Chimwemwe wa ku Joni: Chabwino, za mapilitsizo ndamva. Koma pa nsima sindisintha maganizo. Chimanga ndi shuga basi.

Angoni a ku Lizulu: Mngoni wa ku Ntcheu umuuze asiye nsima? Mwakhalitsa kunjako achimwene. Adye chiyani, mazira tsiku ndi tsiku, ndalama zake ziti? Mgaiwa ulipo.

Bambo a Tadala: Nonse awiri muli ndi mbali yoona. Ine ndakhala ndi shuga zaka zambiri ndipo ndinayesa ndi kamakina kanga. Mgaiwa ndi wabwino chifukwa gaga amachedwetsako shuga kulowa m'magazi, ndipo umakhalitsa m'mimba. Koma akulu a ku Lizulu, mitanda inayi ya mgaiwa imakweza shuga ndithu. Kusiyana kwa mgaiwa ndi woyera kunali kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mtanda umodzi ndi itatu. Chimene chinandithandiza ine ndi mbale: theka likhale masamba, nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, chilichonse chilipo, mbali ina nyemba, nandolo, usipa kapena dzira, nsima ikhale yofanana ndi chibakera changa. Ndimayamba ndi ndiwo, nsima pambuyo. Kondowole ndi mbatata yophika mpaka kufewa zimandikwezera mofulumira, ndiye ndimadya pang'ono.

Koma ine ndimagwira ntchito yokhala pampando. Munthu wopalira sangayendere chibakera chimodzi tsiku lonse.

Mayi a Pemphero: Mupatseni masamba a chammwamba ndi nimu wowiritsa, kapu m'mawa kapu madzulo. Apongozi anga shuga anatsikiratu.

Bambo a Tadala: Mayi, werenganinso funso. Bamboyu vuto lake n'lakuti shuga akutsika kale mopitirira.

Mayi a Pemphero: Ooh pepani, ndinangoona mawu akuti shuga.

Mayi Nesi (opuma): Chammwamba ngati ndiwo palibe choletsa, chotendera n'chokoma. Zowiritsa zomwa m'makapu n'zimene ndimakana, chifukwa palibe amene amadziwa mlingo wake, ndipo munthu wa shuga impso zake n'zofunika kuzisamala.

Nachisale, mawa lisanafike amayi ako akonze kathumba ka kumunda. Muikemo shuga wamba m'kapepala ka pulasitiki, botolo la madzi, ndi chakudya chenicheni: mbatata yootcha, chimanga chophika, nthochi, kapena mtedza ndi kachigumu. Zizindikiro zikayamba, aike khasu pansi nthawi yomweyo, osati "ndimalize mzere uno". Asungunule masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, amwe. Theka la botolo la Fanta kapena Sobo wosungunula zimagwiranso ntchito, bola zisakhale zija zolembedwa kuti zilibe shuga. Adikire mphindi 15. Ngati sizikusintha abwereze. Akatsitsimuka adye chakudya chija, chifukwa shuga wa m'madzi amatha msanga pamene pilitsi likadali m'thupi. Tsiku limenelo ntchito yathera pomwepo.

Ngati akomoka kapena sakutha kumeza, musawathire chilichonse m'kamwa, chingalowe m'mapapo. Agonekeni chammbali, pakani shuga wonyowa pang'ono mkati mwa tsaya, n'kuthamangira kuchipatala. Ngakhale atadzuka panjira, pitirizani ulendo. Ndi gilibenkilamaidi shuga amatha kutsikanso patapita maola, n'chifukwa chake odwala otere timawagoneka.

Nachisale: Ndawaimbira amayi, ndawawerengera zonse. Akuti bambo akukana kunyamula shuga, ati anthu aziti chiyani, wodwala shuga kuyenda ndi shuga m'thumba. Koma avomera kudya m'mawa. Ndatumiza kamakina koyezera pa minibasi, mng'ono wanga amadziwa kugwiritsa ntchito. Timapepala take ndi 25 tokha, n'todula. Tiziyeza nthawi yanji kuti tisawononge?

Bambo a Tadala: Musamayeze ola limodzimodzi tsiku lililonse, mungophunzira chinthu chimodzi. Kwa masiku oyambawa yezani akangodzuka, kenako kumunda cha m'ma 9 pamene vuto limabwera. Tsiku lina yezani asanadye nsima ya madzulo, n'kuyezanso patatha maola awiri chiyambireni kudya. Ziwerengero ziwirizo n'zimene zimakuuzani chimene mbale ija yachita. Lembani m'kope: ola, nambala, chimene adya, ntchito imene agwira. Asambe m'manja asanabaye, makamaka nyengo ino ya mango, chifukwa madzi a mango pachala amanamiza makina. Timapepalato musatisiye padzuwa kapena botolo lotsegula.

Nachisale: Nazi za masiku awiri. Lachiwiri anadzuka ndi 104. Anangomwa tiyi ndi mapilitsi, mbatata anaisiya ati adya kumunda. Itakwana 9:30 anayamba zija, mng'ono wanga anayeza, 61. Anawapatsa madzi a shuga, patapita mphindi 15 inali 88. Lachitatu anadzuka ndi 112, anadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kenako mapilitsi. Pa 9:30 inali 93, anadya chimanga chimodzi n'kupitiriza mpaka 11 popanda vuto. Koma madzulo ake, maola awiri atadya, tinapeza 214!

Chimwemwe wa ku Joni: 214?? 104?? Makinawo ndi owonongeka asisi. Wanga akafika 10 ndimada nkhawa.

Bambo a Tadala: Sanawonongeke, miyezo ndi iwiri. Anu akulemba mmol/L, a achemwaliwa akulemba mg/dL, onani tizilembo pansi pa nambala. Mukagawa ndi 18 mupeza yanu. 104 ndi pafupifupi 5.8, 61 ndi 3.4, ndipo 214 ndi 11.9.

Mayi Nesi (opuma): Tsopano tili ndi umboni. Chilichonse pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina a a Chimwemwe, ndi shuga wotsika, ndiye 61 uja watsimikiza zimene tinkaganiza. Pansi pa 54 ndi poopsa zedi. Za podzukazo zili bwino, timafuna pakati pa 80 ndi 130. Lachitatu phala linawasunga, koma taona kuti 93 pakati pa ntchito ndi pafupi ndi malire, chimanga chija chinafika pa nthawi yake. Kwa womwa pilitsi limeneli, nambala ikakhala cha m'ma 90 kapena kutsikirapo asanayambe ntchito yolemetsa, ayambe wadya kaye.

214 uja usakuopse, koma wapitirira 180 amene timafuna patatha maola awiri. Anadya chiyani?

Nachisale: Ndafunsa. Amayi ndi mantha a Lachiwiri aja anawapakulira mitanda itatu, ndiwo zake nyemba. Kenako anadya mango anayi, ndi thobwa kapu imodzi "kuti asakomoke usiku".

Angoni a ku Lizulu: Nsimayo inali ya mgaiwa?

Nachisale: Ya mgaiwa, akulu.

Angoni a ku Lizulu: Hmm. Ndiye ndi mangowo.

Mayi Nesi (opuma): Ndi zonse pamodzi, bambo. Izi ndaziona kambirimbiri: banja likaopsedwa kamodzi limayamba kumudyetsa wodwala mopitirira, pakutha pa mwezi kuchipatala akupeza shuga ali pamwamba, akuwonjezera mankhwala, kenako kukomoka kumabweranso. Vuto la bambowa si kuchuluka kwa chakudya cha tsiku lonse koma nthawi yake. Akudya kwambiri pamene akupita kukagona, osadya pamene akupita kukagwira ntchito. Mtanda umodzi wa madzulowo usamukire m'mawa, ukhale phala kapena mbatata. Masana adye bwino pochokera kumunda. Madzulo mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, masamba ambiri. Bango limodzi lapakati pa nthawi imodzi, ndipo ndi bwino alidyere kumunda. Thobwa lothira shuga likhale la pangozi, osati la tsiku lililonse.

Komabe amayi ako sanalakwitse kuopa usiku. Munthu akagwira ntchito yolemetsa, minofu imapitiriza kukoka shuga kwa maola ambiri kubwezeretsa zimene yagwiritsa ntchito. Tsiku limene apalira kwambiri muyeze asanagone. Akadzuka ndi mutu, zofunda zitanyowa ndi thukuta, kapena atalota zoopsa, ganizirani kuti anatsika ali m'tulo. Funso lina, usachite manyazi: amamwa mowa?

Nachisale: Loweruka amalawako masese ndi anzawo. Nthawi zina kachasu pang'ono.

Mayi Nesi (opuma): Ukawauze adokotala zimenezo. Chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimasiya kutulutsa shuga wopulumutsa uja. Kachasu wopanda chakudya, pamwamba pa kapilitsiko ndi ntchito ya m'mawa, amatha kumugwetsa munthu usiku, ndipo anthu amangoti waledzera, mlekeni agone. Anzawo omwa nawo adziwe.

Mlongo Esitere: Ndilowererepo ndi langa, pepani. Ine ndimamwa mapilitsi awiri omwewa, ndipo kutchalitchi kwathu timasala kudya Lachitatu lililonse mpaka 3 koloko masana. Ndimamwa mankhwala m'mawa ndi madzi okha. Ndimamva chizungulire koma ndimati ndi mayesero.

Mayi Nesi (opuma): Mlongo, chimene chikukuchitikirani n'chimodzimodzi ndi cha bambo a Nachisale, kungoti inu mulibe khasu. Kumwa kapilitsiko n'kusala chakudya ndiye ayi. Pitani mukawafotokozere adokotala kuti mumasala tsiku lakuti mpaka ola lakuti, akuuzeni ngati n'kotheka ndiponso mankhwala muziwamwa bwanji. Abale athu achisilamu ambiri amachita zimenezi Ramadani isanayambe. Chizungulire chikayamba, kusalako kuthere pomwepo.

Mlongo Esitere: Ndikambirana ndi abusa kaye.

Bambo a Tadala: Kambiranani ndi onse awiri, koma Lachitatu lisanafike.

Nachisale: Bambo apita kuchipatala lero ndi kope lija. Adokotala ataona 61 achepetsa kapilitsiko kukhala theka, 2.5 mg, ndipo ati azimwa pamene akudya. Metifomini sanasinthe. Awatumiza kuchipatala chachikulu kukayezetsa impso, ndipo ati kumeneko akafunse ngati kuli gilikilazaidi. Ndi mankhwala abwinopo?

Mayi Nesi (opuma): Ndi a banja limodzi, koma gilikilazaidi satsitsa shuga mwankhanza chotero. Bungwe la WHO limanena kuti gilibenkilamaidi si woyenera kwa anthu opitirira zaka 60, ndipo impso zikafooka amachedwa kuchoka m'thupi, n'chifukwa chake akufuna kuziyeza. Ngati gilikilazaidi palibe, theka lija ndi chakudya cha m'mawa zikhoza kukwanira, kope ndi limene lidzanene. Theka limathanso kutsitsa, kathumba kaja kasatsale. Ndipo kumbukirani kuti kukolola kukatha ntchito idzachepa, manambala adzakwera, mlingo udzafunika kuunikanso.

Chimwemwe wa ku Joni: Pamenepo ndiye pofunika kuyenda kuja. Chilimwe azidzuka m'mawa kuyenda ola limodzi.

Bambo a Tadala: Ine ndimati atadya, osati m'mawa. Mphindi 10 kapena 15 ndikangomaliza nsima ya madzulo, kuzungulira mpaka pamsika n'kubwerera, nambala ya maola awiri imatsika moonekeratu. Malangizo amati mphindi 150 pa sabata, osadumpha masiku opitirira awiri motsatizana. Mukaphatikiza timaulendo timeneti zimakwana.

Chimwemwe wa ku Joni: Mphindi 10 si masewera amenewo akulu, thukuta silituluka n'komwe.

Mayi Nesi (opuma): Pamenepo kanganani nokha, zonse ziwiri zimathandiza ndipo yabwino ndi imene munthu angaipitirize. Mayendedwe ake akhale oti ukupuma mwamphamvu koma ukutha kulankhula. Changa n'choti pali masiku osayenera kudzikakamiza: munthu akadwala malungo, akusanza kapena kutsegula m'mimba, kapena makina akaonetsa pamwamba pa 300 kapena HI iye akumva ludzu ndi kufooka. Limenelo ndi tsiku la madzi akumwa ndi chipatala. Kupweteka pachifuwa kapena phuma lachilendo poyenda, imani, kaonaneni ndi dokotala. Amene anauzidwa kuti shuga wawononga maso afunse kaye asananyamule matumba a chimanga kapena zitsulo.

Angoni a ku Lizulu: Nanga mapazi amayi? Kwathu kuno timapalira opanda nsapato, dothi la mvula limakanirira ku majombo. Ine phazi lamanzere limachita dzanzi, mwezi watha ndinaponda chitsa ndinazindikira madzulo posamba.

Mayi Nesi (opuma): Inunso muli ndi shuga, bambo?

Angoni a ku Lizulu: Sindinayezetsepo. Ndimangodya mgaiwa.

Mayi Nesi (opuma): Mawa m'mawa musadye kanthu, pitani mukayezetse, ndipo mukavule nsapato kuti aone phazilo. Dzanzi lili ndi zoyambitsa zingapo, koma shuga ndi chimodzi mwa zikuluzikulu. Balalo lapola?

Angoni a ku Lizulu: Latsala pang'ono, likutuluka timadzi. Ndikuthirapo phulusa.

Mayi Nesi (opuma): Phulusa lekani. Tsukani ndi madzi owiritsa atazizira, mangani kansalu koyera, musapite kumunda mawa. Bala la mwezi wathunthu paphazi la dzanzi si lodikira. Mukaona kutupa, kufiira kukukwera mwendo, fungo kapena kutentha thupi, pitani usiku womwe uno.

Angoni a ku Lizulu: Mawa ndi tsiku la msika pa Lizulu, ndili ndi kabichi woti ndigulitse.

Nachisale: Atumeni ana kabichiyo akulu, chonde.